Gemu yodziyendera yokha ikulipira molakwika wotchi ya foni ikasintha: mafunso ndi mayankho

Tsamba ili ndi la opanga magemu aja omwe amapitiriza kusonkhanitsa makobidi wosewera atatseka, kenako n'kumulipira akabwerera. Osewera omwe gemu yawapatsa zochepa kapena zochuluka modabwitsa apezanso yankho lawo kumapeto. M'mayankho onse tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi: mgodi wotulutsa makobidi 10 pa sekondi, kutanthauza 36,000 pa ola, m'gemu yomwe imalipira maola osapitirira 12 munthu akachoka.

Kodi gemu imadziwa bwanji kuti ndachoka nthawi yaitali bwanji?

Siidziwa, imachita kuwerengera. Gemu ikatsekedwa palibe chake chimene chikuyenda m'foni. Imangolemba nthawi yomwe mwatulukira, ndipo mukatsegulanso imafunsa foni kuti tsopano ndi nthawi yanji, n'kuchotsera. Zotsalazo imachulukitsa ndi makobidi a pa sekondi. Mukatseka 13:00 n'kutsegula 15:00, gemu ya chitsanzo chathu ipeza masekondi 7,200 ndipo ikupatsani makobidi 72,000.

Kuwerengera konseku kwatsamira pa chikhulupiriro choti wotchi yomwe inafunsidwa potseka ndi yomwe ikufunsidwa potsegula ikuyenda mofanana, popanda woigwira pakati. Chikhulupirirochi chimasweka m'njira ziwiri, ndipo ambiri amazisakaniza. Yoyamba ndi pamene nthawi yeniyeni ili bwinobwino koma manambala a pa wotchi asintha chifukwa foni yalowa chigawo china cha nthawi. Yachiwiri ndi pamene wotchiyo yasunthidwa, kaya ndi dzanja la munthu kapena ndi foni yokha. Yoyamba imatha ndi mzere umodzi wa khodi. Yachiwiri ndiye imavuta.

Wosewera wakwera ndege, atatsika gemu yamupatsa zochuluka. Chachitika n'chiyani?

Pafupifupi nthawi zonse ndiye kuti gemu inasunga nthawi ya pamalo, ija imaoneka pagalasi la foni, mwina kudzera mu `DateTime.Now`.

Tiyeni titsatire ulendo umodzi. Ndi mwezi wa Januwale, wosewera watseka gemu 10:00 ali ku London. Wafika ku Dubai, komwe mawotchi ali patsogolo ndi maola 4, ndipo watsegula gemu patapita maola 7 enieni. Ku London ikanakhala 17:00, koma foni yagwira netiweki ya kumeneko n'kudzisintha yokha, ikuonetsa 21:00. Gemu ichotsera 10:00 pa 21:00 n'kupeza maola 11. Ilipira makobidi 396,000 m'malo mwa 252,000. Munthuyu sanabe kanthu, koma wapata 144,000 zaulere, ndipo sadzakulemberani kudandaula.

Adzalemba pobwerera. Watseka 10:00 ku Dubai, watsegula ku London patapita maola 8, foni ikuti 14:00. Gemu iona maola 4 okha n'kumupatsa 144,000 m'malo mwa 288,000.

Amene amalemba mu C# asamale ndi msampha uwu: mukachotsera `DateTime` imodzi pa inzake, chinenerocho sichiyang'ana kuti iliyonse ndi ya chigawo chiti. Chimangochotsera manambala monga alili, ngakhale imodzi ikhale ya UTC, nthawi imodzi ya dziko lonse yosasintha ndi malo, inayo ya pamalo, ndipo sichichenjeza.

Nanga amene sanayende ulendo uliwonse, koma gemu yamulanda makobidi usiku umodzi?

Onani tsiku lake. Mayiko ambiri a ku Ulaya ndi a kumpoto kwa America amasuntha mawotchi awo ndi ola limodzi kawiri pa chaka. Ku Ulaya amapititsa patsogolo Lamlungu lomaliza la Malichi n'kubweza Lamlungu lomaliza la Okutobala. Ku United States amapititsa Lamlungu lachiwiri la Malichi n'kubweza Lamlungu loyamba la Novembala. Kwa gemu yosunga nthawi ya pamalo, kumeneku kuli ngati ulendo wa pandege womwe dziko lonse lakwera usiku umodzi.

Usiku wobweza mawotchi ndi womwe umaulula vuto lina lobisika. Ku London wotchi ikafika 02:00 imabwerera pa 01:00. Wosewera watseka 01:50, watsegulanso patapita mphindi 30, foni ikuti 01:20. Kuchotsera kukupereka masekondi 1,800 a pansi pa ziro. Ngati khodi siyang'ana zimenezi, ichulukitsa ndi 10 n'kuchotsa makobidi 18,000 m'thumba la munthu. Magemu ena amaonetsa uthenga woti mwachoka kwa mphindi -30, ena mawotchi awo omangira nyumba amayamba kutalika m'malo mofupika. Wopanga gemu yemwe amakhala kudziko losasintha mawotchi akhoza kutha chaka akuyesa gemu yake osaliona vutoli, kufikira madandaulo atabwera onse tsiku limodzi.

Ndiye ndisunge nthawi motani?

Sungani masekondi a Unix, omwe ndi chiwerengero cha masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970 nthawi ya 00:00 UTC. Nambala imeneyi ndi yofanana ku London ndi ku Dubai pa kamphindi komweko, ndipo kusuntha mawotchi kwa Malichi ndi Okutobala sikuikhudza.

```csharp
long now  = DateTimeOffset.UtcNow.ToUnixTimeSeconds();
long away = Math.Clamp(now - lastSeen, 0, 12 * 3600);
```

`lastSeen` ndi nthawi yomwe gemu inalemba potseka. Mzere wachiwiriwo ukuchita zinthu ziwiri: zosakwana ziro zikusanduka ziro, ndipo zopitirira maola 12 zikudulidwa. Malire a pamwambawa musawaone ngati ongokakamiza anthu kubwera kawirikawiri. Ndiwo amachepetsa kuwonongeka pa vuto lina lililonse lomwe tikambe m'munsimu. Pa msakatuli, `Date.now()` imapereka kale nthawi ya Unix, koma m'mamilisekondi, choncho gawani ndi 1,000.

Mosungiramo nambalayi mulinso nkhani. Mu Unity, `PlayerPrefs.SetFloat` siikwanira: nthawi ya Unix ya masiku ano yadutsa 1.7 biliyoni, ndipo pa ukulu umenewo `float` imadumpha masekondi 128 kuchoka pa nambala ina kufika pa yotsatira. Munthu wochoka kwa mphindi imodzi angapatsidwe ziro kapena masekondi 128. `PlayerPrefs.SetInt` imagwira lero, koma idzasefukira pa 19 Januwale 2038. Sungani `long`, ngakhale mochita kuisandutsa mawu ndi `SetString`. Ngati munasunga deti lolembedwa lokhala ndi `Z` kumapeto, dziwani kuti `DateTime.Parse` imalitembenuzira ku nthawi ya pamalo pokhapokha mutaiuza `DateTimeStyles.RoundtripKind` kapena `DateTimeStyles.AdjustToUniversal`, ndipo vuto la pandege lija limabwerera chakumbuyo inu mukuganiza kuti munalithetsa.

Ndasamukira ku UTC. Bwanji anthu akupatabe makobidi posintha wotchi?

Chifukwa UTC ya m'foni imachokera pa wotchi yomweyo imene mwini foni ali ndi ufulu wosintha. Akasintha chigawo cha nthawi chokha, UTC siisuntha. Koma akazimitsa zoti foni izidziikira nthawi yokha n'kupititsa wotchi patsogolo ndi maola 12, `UtcNow`, `Date.now()` ndi `System.currentTimeMillis()` zonse zimalumpha ndi maola 12.

Onani mmene khodi ya pamwambayi imagonjera. Nthawi yeniyeni ndi 12:00. Wosewera watseka gemu, wapititsa wotchi pa 00:00, watsegula, walandira 432,000. Gemu yalemba kuti inamuona komaliza 00:00. Iye wabweza wotchi pa 12:05 n'kutsegulanso. Kuchotsera kwapereka zosakwana ziro, khodi yazisandutsa ziro, palibe chomwe wataya. Kenako gemu yalemba 12:05 ngati nthawi yomaliza kumuona. Apa ndi pamene pali bowo: mbiri ya kulumpha kuja yafufutika, ndipo akhoza kubwereza mphindi zisanu zilizonse mpaka atatopa.

Pali njira yotsekera bowolo popanda intaneti?

Yosavuta kwambiri ndi kukana kuti nthawi yosungidwa ibwerere m'mbuyo. Posunga, tengani yaikulu pakati pa yakale ndi yatsopano.

```csharp
lastSeen = Math.Max(lastSeen, now);
```

Tsopano wosewera uja akabweza wotchi pa 12:05, gemu ikukumbukirabe 00:00, ndipo sadzalandira za nthawi yochoka mpaka nthawi yeniyeni itadutsa pamenepo. Makobidi 432,000 aja sanawapeze mwaulere, wangodya za mawa lero. Kwa gemu yomwe munthu amasewera yekha, ine ndimaona kuti apa pakwanira: palibe womulanga, palibe womunena, masamu angodzilungamitsa okha.

Koma njirayi imapweteka anthu osalakwa ngati simuiikira malire. Taganizirani foni yomwe deti lake linalakwika ndi chaka chathunthu kutsogolo, mwina mwana anaseweretsa zoikamo. Gemu inatsegulidwa kamodzi, inalipira maola 12, n'kusunga deti la chaka chamawa. Deti litakonzedwa, munthuyo akhala chaka chonse osalandira kalikonse chifukwa cha maola 12. Choncho mukaona kuti nthawi yosungidwa ili patsogolo kwambiri, ikokereni pafupi: isapitirire nthawi ya tsopano ndi maola 24, kapena ena omwe mwasankha. Mtengo wake ndi wakuti wochenjera akhoza kulumpha kakhumi motsatizana asanabweze wotchi, kenako n'kungodikira maola 24 okha. Wotchi ya pagalasi yokha siingakuuzeni kuti mwa awiriwa wosalakwa ndi uti. Ndipo amene ali ndi foni yongosewerera, yemwe sabweza n'komwe wotchi yake, njirayi siimuona.

Kodi m'foni mulibe wotchi yomwe munthu sangaisinthe?

Ilimo. Kupatula wotchi yonena deti ndi ola, foni ili ndi chowerengera china chomwe chimayamba pa ziro foni ikayatsidwa n'kumangokwera. Chili ngati mita ya mtunda ya galimoto: siikuuzani komwe muli, koma imanena zoona za mtunda womwe mwayenda. Kusintha deti, ola kapena chigawo sikuchikhudza.

Pa Android chowerengera choyenera ndi `SystemClock.elapsedRealtime()`, chifukwa chimawerenga ngakhale foni ili m'tulo tofa nato. Chinzake, `SystemClock.uptimeMillis()`, chimaima foni ikagona, ndiye mukachigwiritsa ntchito mudzabera aliyense amene anasiya foni patebulo usiku wonse. Pa iOS kusiyana kwake n'komweko: `ProcessInfo.processInfo.systemUptime` siiwerenga nthawi ya tulo, pomwe `mach_continuous_time()` imawerenga. `Time.realtimeSinceStartup` ya Unity ndi `performance.now()` ya pa msakatuli sizithandiza pa nkhaniyi, popeza zimayambiranso gemu kapena tsamba likatsegulidwa mwatsopano.

Potseka gemu sungani zinthu zitatu pamodzi: nthawi ya Unix, chowerengera chosabwereracho, ndi nambala ya kuyatsidwa kwa foni, yomwe Android imapereka kuyambira pa 7.0.

```kotlin
val wall  = System.currentTimeMillis() / 1000
val ticks = SystemClock.elapsedRealtime() / 1000
val boot  = Settings.Global.getInt(contentResolver, Settings.Global.BOOT_COUNT)
```

Tibwerere kwa wosewera wathu. Potseka 12:00, `ticks` inali 50,000 ndipo `boot` inali 87. Potsegula, wotchi ikuti 00:30, kutanthauza masekondi 45,000. Koma `ticks` ili pa 51,800 ndipo `boot` ikadali 87. Foni sinazime, choncho nthawi yeniyeni yomwe yadutsa ndi 51,800 kuchotsa 50,000, masekondi 1,800. Gemu ilipira makobidi 18,000 basi, ndipo masekondi 43,200 osiyanawo ndi umboni kuti wotchi inasunthidwa ndi maola 12 ndendende. Ubwino wake ndi wakuti njirayi imatetezanso wosalakwa: wotchi ikabwerera m'mbuyo chifukwa foni yakonza nthawi yake, munthu amalandirabe mphindi zake 30 zonse.

Musayembekezere kuti mawotchi awiriwa agwirizana mpaka pa sekondi. Foni imakonza nthawi yake pang'onopang'ono ikalumikizana ndi netiweki. Kusiyana kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kulekereni.

Foni ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso zimatha bwanji?

Chowerengera chija chimayambiranso pa ziro, ndipo apa ndi pamene njirayi imathera mphamvu. Mukaona `boot` yasintha kuchoka pa 87 kufika pa 88, kuchotsera ma `ticks` kulibenso tanthauzo.

Ena amazindikira kuyatsidwanso poona ngati `ticks` yatsopano ili yochepa kuposa yakale. Izi zimagwira mbali imodzi yokha. Ngati munasunga pa 600 foni itangoyatsidwa, kenako inazima, inayatsidwanso n'kukhala maola awiri, `ticks` yatsopano ndi 7,200, yoposa yakale, ndipo mudzaganiza kuti sinazime. Mudzalipira masekondi 6,600 okha pomwe mwina foniyo inakhala usiku wonse ili yozima. N'chifukwa chake nambala ya kuyatsidwa ili yofunika.

Chomwe chimatsala m'manja mwanu foni ikayatsidwanso ndi malire a pansi. Ngati `ticks` ikuti 7,200, ndiye kuti maola osachepera 2 adutsa ndithu chitsekereni gemu, ndipo amenewo mukhoza kulipira osakayika. Otsalawo muli ndi zosankha ziwiri: kukhulupirira wotchi ya pagalasi, motetezedwa ndi malire a maola 12 ndi lamulo losabwerera m'mbuyo lija, kapena kuwasunga pambali mpaka foni itapeza intaneti. Wofuna kubera adzaphunzira kuti ayenera kusintha wotchi kenako kuzimitsa foni. Kumeneko n'kutaya mphindi zingapo ulendo uliwonse, ndipo ambiri amagwa ulesi.

Ndiye seva ndiyo yankho lenileni?

Ngati gemu yanu ili ndi mpikisano wa osewera, kugulitsana zinthu, kapena imagulitsa kudumpha nthawi ndi ndalama zenizeni, inde. Koma pali kusiyana pakati pa kufunsa seva nthawi ndi kulola seva kuwerengera. Pa njira yolimba, seva ndiyo imasunga nthawi yomwe munthu analandira komaliza, ndiyo imachotsera, ndipo foni imangoonetsa zotsatira. Foni ikamatumiza yokha uthenga woti yachoka masekondi 43,200 seva n'kuvomera, seva yanuyo ndi yokongoletsera chabe.

Njira yapakatikati ndi kufunsa seva nthawi kamodzi gemu ikatsegulidwa, n'kuimangirira ku chowerengera chosabwerera. Seva ikati nthawi ndi T pamene `ticks` ili 51,800, ndiye pamene `ticks` yafika 52,400 nthawi ndi T kuwonjezera 600, kaya wotchi ya foni ikunena zotani. Nthawiyo itengeni pa seva yanu kudzera pa HTTPS. Mutu wa `Date` wa mayankho a HTTP ndi wokwanira ngati kulondola kwa sekondi imodzi kukukwanirani, bola mutsimikize kuti yankholo silinachokere m'nkhokwe ya mayankho akale.

Pali chodabwitsa chimodzi. Wotchi ya foni ikalakwika ndi miyezi yambiri kapena zaka, HTTPS imatha kukana kulumikizana, chifukwa foni imaona ngati satifiketi ya seva inatha ntchito kapena sinayambe. Ndiye foni yomwe ikufunikira kwambiri nthawi ya seva ndi yomwe ikulephera kuifikira. Gemu isagwe kapena kungozungulira pamenepo. Iuze munthuyo kuti deti la foni yake likuoneka lolakwika, ndipo makobidi ake akumudikira akalikonza.

Ndimuchite chiyani amene ndamugwira akusintha wotchi?

Mulipireni nthawi yeniyeni, musapitirire apo. Kusiyana kwa mawotchi kumakuuzani kuti wotchi inasuntha, osati amene anaisuntha kapena chifukwa chake. Batire ikatheratu, zipangizo zina zimadzuka ndi deti lakale kwambiri mpaka zitapeza netiweki. Anthu ena amasintha deti pofuna kukonza pulogalamu ina yosakhudzana ndi gemu yanu. Kufufuta zomwe munthu wasonkhanitsa kapena kumulembera kuti ndi wakuba chifukwa cha umboni wotere n'kudzipalira madandaulo.

Pa Android mukhoza kuwerenga `Settings.Global.AUTO_TIME` kuti muone ngati foni ikudziikira yokha nthawi. Chitengeni ngati chizindikiro chothandizira basi. Anthu ambiri amaizimitsa pa zifukwa zawo, ndipo kutseka gemu chifukwa cha chimenechi n'kuwonjeza.

Mphoto za tsiku ndi tsiku nazo zimakhudzidwa?

Kwambiri, ndipo pano kusintha chigawo chokha n'kokwanira. Ngati tsiku latsopano limayamba pakati pa usiku pa nthawi ya pamalo, munthu akhoza kusankha chigawo cha kum'mawa kwambiri n'kulowa m'tsiku lamawa asanadzuke pampando. Zigawo zimayambira pa UTC-12 kufika pa UTC+14, mpata wa maola 26. Sankhani ola limodzi la UTC loti tsiku lizisinthira kwa onse, kapena werengani maola kuchokera pomwe munthu analandira komaliza.

Ndingadziwe bwanji vuto lomwe ndili nalo poona madandaulo?

Kukula kwa cholakwikacho kumanena zambiri. Chikakhala maola athunthu, kapena maola ndi theka monga 5:30 ya ku India, kapena 5:45 ya ku Nepal, penapake mwasakaniza nthawi ya pamalo ndi UTC. Chikakhala ola limodzi ndendende kwa anthu ambiri Lamlungu limodzi la Malichi, Okutobala kapena Novembala, ndi kusuntha mawotchi kuja. Aliyense akamalandira malipiro odzaza a maola 12 ngakhale atachoka mphindi imodzi, mwina mwasakaniza mamilisekondi ndi masekondi, kapena nthawi yosungidwa ikuwerengedwa ngati ziro, gemu n'kumaganiza kuti munthuyo anachoka mu 1970.

Pali lina lomwe limafanana ndi vuto la wotchi koma si limenelo. Ngati mumasunga nthawi mu `OnApplicationQuit()` mokha, pa foni nthawi zambiri siiitanidwa, chifukwa foni imapha gemu mwakachetechete ili kumbuyo. Nthawi yosungidwa imakhala yakale, ndipo munthu amalipidwa kawiri pa maola omwe anali akusewera. Sungani mu `OnApplicationPause(true)`, komanso pakapita masekondi 30 aliwonse gemu ili yotsegula. Makobidi ndi nthawi zizilembedwa limodzi, pa kusunga kumodzi, kuti gemu ikafa pakati wina asalandire kawiri.

Kuti zonsezi zizioneka, lembani pa kulipira kulikonse nthawi yakale, yatsopano, kusiyana kwa `ticks`, nambala ya `boot` ndi chigawo cha nthawi. Poyesa, khodi yonse izifunsa nthawi pamalo amodzi omwe mungawanamize, kuti muyese usiku wa Okutobala uja masana a tsiku lililonse. Kenako yesaninso pa foni yeniyeni: kusintha chigawo chokha, kupititsa wotchi, kuibweza, ndi kuchita zomwezo mutazimitsa foni pakati.

Ndine wosewera chabe. Ndinasintha wotchi, tsopano gemu yasiya kundipatsa za nthawi yochoka. Nditani?

Yatsaninso zoti foni izidziikira yokha deti, ola ndi chigawo, lumikizani intaneti, tsekani gemu kwathunthu n'kuitsegulanso. Ngati gemuyo imafunsa seva, zikhoza kukonzeka pomwepo. Ngati ikukumbukira nthawi ya kutsogolo ija, mudzadikira mpaka nthawi yeniyeni itafika pomwe munafikitsa wotchi: munapititsa masiku atatu, mudikira masiku atatu. Kupititsanso wotchi kuti mudutse pamenepo kumangotalikitsa kudikirako. Musathamangire kufufuta gemu kapena zosungidwa zake musanatsimikize kuti zomwe munasonkhanitsa zili pa akaunti, chifukwa m'magemu ambiri otere zonse zimakhala m'foni momwemo. Ngati deti linalumpha ndi miyezi, lemberani opanga gemuyo, muwauze deti lomwe foni inkaonetsa ndi tsiku lomwe munalikonza, popeza ndi manambala awiri amenewo omwe angawathandize kubweza nthawi yosungidwa pamalo pake.